Kudziwa dzira labwino musanaliswe, ndi kusankha pakati pa mazira a pafamu, a m'sitolo ndi a misinkhu yosiyana

Dzira limayamba kukalamba nkhuku ikangoikira. Chigoba chake chimaoneka chotsekeka, koma chili ndi timabowo masauzande angapo tosaoneka ndi maso. M'timabowo timeneti mumatuluka madzi ndi mpweya tsiku lililonse, ndipo mpweya wakunja umalowa kukadzaza malo otsalawo. Mpweyawu umasonkhana ku mbali yaikulu ya dzira, pakati pa tinembanemba tiwiri ta mkati mwa chigoba, n'kupanga kathumba. Dzira latsopano kathumba kake n'kakang'ono kwambiri, pamene la masabata angapo kathumba kake kamakhala katakula. Njira zambiri zoyesera mazira zimadalira kathumba kameneka, choncho mukakamvetsa, zotsalazo sizivuta.

Kumbukiraninso kuti kutentha n'kumene kumafulumizitsa zonsezi. Dzira la masiku asanu limene lakhala pamalo otentha lingathe kukhala lokalamba kuposa la masabata awiri limene lakhala mufiriji. Ndiye pofunsa za dzira musafunse masiku okha. Funsaninso kumene lakhala likusungidwa.

Poyamba: yang'anani chigoba

Tengani dzira m'manja n'kulizunguza pamalo owala. Lililonse losweka, la mng'alu kapena lonyowa ndi zotuluka m'kati liikeni pambali, chifukwa mng'alu ndi khomo la tizilombo. Ming'alu ina ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo siioneka msanga. Gundanitsani mazira awiri pang'onopang'ono pafupi ndi khutu: abwino amalira momveka bwino, pamene la mng'alu limalira mogonthera.

Chigoba choterera ngati chapakidwa thelele, kapena chokhala ndi ufa wa chuku, n'chizindikiro chakuti dziralo laonongeka. Litayeni osaliyesanso. Linunkhizeninso, chifukwa dzira losukusa nthawi zina fungo lake limatuluka ngakhale lisanasweke.

Pogula a m'thireyi, tukulani mazira atatu kapena anayi, makamaka a m'mbali. Dzira limene lamatirira pa thireyi n'kukana kutuluka ndiye kuti linasweka kunsi n'kuuma. Mtundu wa chigoba usakutayitseni nthawi. Kuyera kapena kufiirira kwake kumachokera ku mtundu wa nkhuku, ndipo sikusintha zimene zili m'kati.

Chachiwiri: liyeseni m'madzi

Thirani madzi ozizira m'chikho kapena m'mbale yakuya, okwanira kumiza dzira n'kutsala malo pamwamba, monga masentimita 10 kuya kwake. Musathiremo mchere, chifukwa madzi amchere amayandamitsa ngakhale dzira la lero. Tsitsani dzira pang'onopang'ono ndi supuni, osaliponya, ndipo dikirani kuti likhazikike.

Likamira n'kugona chammbali pansi, ndi latsopano, nthawi zambiri la mkati mwa sabata imodzi. Likamira koma mbali yaikulu n'kutukuka pang'ono, lakhalitsako, koma n'labwinobwino. Likaimirira pansi, nsonga pansi ndi mbali yaikulu m'mwamba, kathumba ka mpweya kakula ndithu, ndipo dziralo lifunika kudyedwa msanga, litapsa mokwanira. Likayandama pamwamba pa madzi, lataya madzi ambiri ndipo lakalamba kwambiri. Ngati simukudziwa kumene lachokera kapena tsiku limene linaikiridwa, litayeni.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kuyesa m'madzi kumakuuzani za kukalamba kwa dzira, osati ngati lili ndi tizilombo. Dzira likhoza kumira bwinobwino koma lili ndi salimonela, kachilombo kamene kamatsegula m'mimba ndi kutenthetsa thupi, ndipo kameneka sikasintha fungo kapena maonekedwe a dzira. Dzira la mng'alu limene laola msanga likhozanso kumira, popeza silinakhalitse mokwanira kuti kathumba kake kakule. Mbali inayi, dzira limene lakhala mufiriji nthawi yaitali likhoza kuimirira kapena kuyandama chifukwa chouma chabe, osaola. Choncho madzi akuthandizeni kusanja mazira kuti muyambire ati, koma chiweruzo chomaliza chikhale pa mbale, dzira litasweka.

Palinso china chimene sichinenedwa kawirikawiri. Nkhuku ikamaikira, imakuta dzira ndi kansalu kopyapyala kamene kamauma msanga n'kutseka timabowo tija. Madzi amakafooketsa. Ndiye musamize thireyi yonse tsiku logula n'kubwezera mazira onyowawo pa alumali. Yesani okhawo amene mukufuna kuphika tsiku lomwelo, kapena awiri atatu oimira anzawo. Amene mwawanyowetsa apukuteni, muwaike mufiriji kapena muwaphike msanga.

Chachitatu: liunikeni ndi tochi

Njira iyi ndi imene alimi a nkhuku ndi osanja mazira amagwiritsa ntchito, ndipo ubwino wake ngwakuti dzira silinyowa. Lowani m'chipinda chamdima ndi tochi yowala kwambiri, ngakhale ya pafoni. Pindani dzanja ngati mukugwira mpini, ikani tochi kunsi kwa dzanjalo ndi dzira pamwamba, mbali yaikulu itagunda pobowoka, kuti kuwala konse kudutse m'dziramo.

Kathumba ka mpweya kadzaoneka ngati kamwezi kowala ku mbali yaikuluyo. Pofuna muyeso, mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya amalola dzira la giredi yoyamba kukhala ndi kathumba kosapitirira mamilimita 6 kuya kwake, ndipo lotchedwa latsopano kwambiri kosapitirira mamilimita 4. Simufunika rula. Kathumba kakakhala kakang'ono kuposa nsonga ya chala chaching'ono, dziralo ndi latsopano. Kakatenga gawo lalikulu la mbali imeneyo, lakalamba.

Kenako lizunguzeni msanga kamodzi n'kuona chachikasu. M'dzira latsopano chimangooneka ngati kamthunzi kosadziwika bwino kokhala pakati, chifukwa choyera cholimba chimachigwira. M'dzira lakale chimaoneka bwino ndipo chimayendayenda mpaka kufika pafupi ndi chigoba. Mukaona timitsempha tofiira totambasuka ngati ukonde wa kangaude, kapena mzere wofiira wozungulira, ndiye kuti mwanapiye anayamba kupangika. Mukaona mdima wokhawokha kapena madontho akuda omatirira ku chigoba, dziralo laola. Ming'alu yobisika ija imaonekanso apa ngati timizere towala. Mazira a chigoba chofiirira kwambiri amavuta kuunika, ndipo amafuna mdima weniweni ndi tochi yamphamvu.

Ena amagwedeza dzira pafupi ndi khutu kuti amve ngati likukhuchumuka. Likamveka ngati madzi m'botolo, lakalambadi. Koma likapanda kumveka sizitsimikizira kanthu, choncho njirayi isakhale yodalira.

Chachinayi: liswereni m'mbale yapayokha

Dzira lililonse lokayikitsa liswereni m'kambale kake kaye, musanaliphatikize ndi ena. Dzira limodzi loola likagwera m'mbale ya mazira asanu, onse atayika. Ligundeni pamalo afulati m'malo mwa m'mphepete mwa mbale, kuti tizidutswa ta chigoba tisakankhidwire m'kati.

Dzira latsopano likagwa pa mbale yafulati limaoneka magawo atatu. Chachikasu chimaima chozungulira ngati theka la mpira. Mochizungulira pamakhala choyera cholimba, chotukuka ngati kachulu, ndipo kunja kwake kumakhala choyera chamadzimadzi chochepa. Mudzaonanso timizere tiwiri toyera topotana ku mbali za chachikasu. Timeneti ndi tizingwe togwira chachikasu kuti chikhale pakati, timadyedwa, ndipo tikaoneka bwino ndiye kuti dziralo ndi latsopano. Choyera chikaoneka ngati cha mitambo, musaope. Ndi mpweya umene sunatuluke, ndipo chimenechi n'chizindikiro cha dzira latsopano kwambiri.

Dzira lakale limayenderera mbale yonse ngati madzi, chachikasu chake chimagona fulati ndipo chimaphulika mukangochikhudza. Chifukwa chake n'chakuti mpweya ukamatuluka, choyera chimasungunuka, ndipo madzi ake ena amalowa m'chachikasu n'kutamula kanembanemba kochikuta. Dzira lotere, ngati lilibe fungo, limadyedwa litapsa bwino.

Tayani dzira lililonse lonunkha, ngakhale fungolo likhale lochepa. Tayaninso la choyera chobiriwira, chapinki kapena chonyezimira ngati mafuta a pamadzi, ndi la madontho akuda kapena obiriwira, chifukwa zimenezi zimabwera ndi tizilombo kapena chuku. Kadontho kamodzi ka magazi pa chachikasu si vuto: ndi kamtsempha kamene kanaphulika dzira likupangika m'thupi mwa nkhuku. Kachotseni ndi nsonga ya supuni ngati simukukafuna. Mukaswa loola, tsukani mbale ndi manja ndi sopo musanagwire lina.

A pafamu kapena a m'sitolo?

Mawu akuti "a pafamu" sanena kanthu za kukalamba kwa dzira. Dzira logulidwa kwa mlimi likhoza kukhala la m'mawa womwewo, ndipo palibe sitolo ingapose pamenepo. Likhozanso kukhala lotoledwa pa chisa chobisika pamene lakhala milungu iwiri padzuwa. Kusiyana kwake kuli pa kasamalidwe ka mlimiyo, ndiye mufunseni mafunso anayi. Amatolera kangati pa tsiku? Kamodzi n'kofunika, kawiri n'kwabwino nyengo yotentha. Mazirawa anaikiridwa liti, ndipo amasiyanitsa bwanji a lero ndi a sabata yatha? Mlimi wosamala amalemba tsiku pa chigoba ndi pensulo kapena amasanja m'mathireyi osiyana. Kodi pali tambala m'gulumo? Nanga mazirawa amawatsuka?

Za tambala n'zofunika chifukwa dzira lokhala ndi mbewu ya tambala limadyedwa ngati lina lililonse likatoledwa tsiku lomwelo n'kusungidwa pozizira, koma likakhala pofunda kapena thadzi likalifungatira, mwanapiye amayamba kupangika. Nkhuku imaswa pa masiku 21, ndipo timitsempha timaoneka pa tochi patangotha masiku anayi kapena asanu. Nkhuku za mazira a m'sitolo nthawi zambiri zimakhala zopanda tambala, choncho vutoli silikhalapo.

Za kutsuka zili ndi lamulo limodzi losavuta. Dzira losatsuka, la chigoba chaukhondo, likadali ndi kansalu kake kachilengedwe ndipo limapirirako kunja kwa firiji pamalo ozizira. Dzira lotsukidwa lataya kansaluko ndipo liyenera kukhala mufiriji mpaka tsiku lophika. N'chifukwa chake mayiko amachita mosiyana. Ku Amereka mazira a m'masitolo amatsukidwa ndipo amagulitsidwa mufiriji. M'mayiko ambiri a mu mgwirizano wa ku Ulaya mazira a giredi yoyamba satsukidwa ndipo amagulitsidwa pa alumali. Njira zonsezi zimagwira ntchito. Choipa n'kuziphatikiza: kutsuka dzira kenako n'kulisiya patebulo. Dzira limene munaligula lozizira lipitirize kuzizira, chifukwa mukalitulutsa n'kulisiya pofunda limachita thukuta, ndipo chinyezicho chimathandiza tizilombo kulowa m'timabowo.

Dzira la pafamu likakhala ndi kadontho ka zitosi, lipukuteni ndi kansalu kouma kapena pepala. Ngati n'kofunika kulitsuka, chitani zimenezo nthawi yophika, ndi madzi ofunda kuposa dziralo. Madzi ozizira amachititsa zam'kati kukhwinyata n'kukokera zonyansa m'kati. La zitosi zambiri kapena matope musagule n'komwe.

Mazira a m'sitolo ubwino wake ngwakuti amakhala atasanjidwa, ataunikidwa, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi tsiku. Kuipa kwake n'kwakuti amafika kwa inu atakhala kale masiku panjira ndi m'nyumba zosungira. Werengani tsikulo mosamala, muone ngati ndi tsiku loikira, lolongedza kapena lothera. Ku Ulaya kuja tsiku lothera silipitirira masiku 28 kuchokera pa tsiku loikira, ndiye katoni yotsala ndi masiku 20 ili ndi mazira a pafupifupi masiku 8. Kumeneko dzira lililonse limadindidwanso nambala yoyamba yonena za kawetedwe: 0 ndi nkhuku zowetedwa mwachilengedwe, 1 zotuluka panja, 2 za m'khola lalikulu, ndipo 3 za m'zikwere za waya. Nambalayi ikunena za moyo wa nkhuku, osati za kukalamba kwa dzira.

Chachikasu chofiirira kwambiri chimakopa anthu ku mazira a pafamu, koma mtunduwo umachokera ku chakudya cha nkhuku. Masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu zimaufiiritsa, ndipo opanga chakudya cha nkhuku amathanso kuikamo zoufiiritsa. Suli umboni wakuti dzira ndi latsopano. Mwachidule, ngati mlimi mukumudziwa ndipo wayankha bwino mafunso aja, gulani kwa iye. Ngati simungadziwe tsiku kapena kasungidwe, katoni ya tsiku lolembedwa ndi yodalirika kuposa dengu lopanda mbiri.

Misinkhu

Mazira amasanjidwa pa kulemera, osati pa kuoneka. Pa muyeso wa ku Ulaya, aang'ono olembedwa S ndi osakwana magalamu 53, apakati olembedwa M ndi magalamu 53 mpaka 63, aakulu olembedwa L ndi 63 mpaka 73, ndipo aakulu kwambiri olembedwa XL ndi 73 kupita m'mwamba. Ku Amereka dzira lotchedwa lalikulu limayambira pa magalamu pafupifupi 57, kutanthauza kuti likufanana ndi lapakati la ku Ulaya. Izi zimasokoneza anthu otsatira malangizo a kaphikidwe ochokera kunja, ndipo mankhwala ake ndi sikelo.

Msinkhu wa dzira umatsatira kwambiri kukalamba kwa nkhuku. Msoti wongoyamba kuikira umaikira aang'ono, a chigoba cholimba ndi choyera chogwirana, ndipo nthawi zina umatulutsa la zachikasu ziwiri. Thadzi lokalamba limaikira aakulu, koma chigoba chake chimakhala chopyapyala ndipo choyera chimakhala chamadzimadzi ngakhale dzira lili la lero. Choncho dzira lalikulu loyenderera pa mbale si nthawi zonse pamene limakhala lakale. Ngati mazira ayenda ulendo wautali kapena asungidwa masiku ambiri, apakati ndi amene amapirira.

Pokazinga kapena kuwiritsa, msinkhu ulibe kanthu kwenikweni, kupatula kuti lalikulu limafuna nthawi yoonjezera pang'ono pamoto. Pa keke ndi zina zofuna muyeso, uli ndi kanthu. Chigoba chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa dzira kapena kupitirira pang'ono, choncho dzira la magalamu 68 limapereka pafupifupi magalamu 60 a zam'kati, ndipo la magalamu 50 limapereka pafupifupi 44. Tinene kuti malangizo akufuna mazira anayi aakulu otere, amene ndi magalamu 240, koma inu muli ndi aang'ono okha. Mukaika anayi mupeza magalamu 176, ndipo mwapereweza 64, kuposa dzira lathunthu. Keke yotere imatuluka youma, yosafufuma bwino ndi yonyenyeka. Iswani asanu ndi limodzi, amenyeni pamodzi, yezani magalamu 240, ndipo otsala pang'onowo muwaphike padera. Ngati malangizo akufuna dzira limodzi kapena awiri okha, kusiyana kwa msinkhu umodzi sikudziwika.

Pa mtengo, yerekezani kulemera. Dzira la magalamu 68 limaposa la magalamu 58 ndi pafupifupi 17 pa 100 alionse. Ngati aakulu akudula kuposa apakati ndi zochepera pamenepo, aakuluwo ndi otchipa pa galamu. Ngati akudula kupitirira apo, tengani apakati.

Thireyi imodzi, kuyambira pogula mpaka pophika

Tinene kuti mwalandira thireyi ya mazira 30 osatsuka, opanda tsiku, a misinkhu yosakanizana. Powayang'ana mwapeza awiri a ming'alu ndi limodzi lomatirira pa thireyi. Lomatiriralo litayeni. A ming'aluwo, ngati anasweka panjira pobwera nawo, aswereni m'mbale nthawi yomweyo n'kuwaphika mpaka atapsa. Ngati simukudziwa nthawi imene anasweka, atayeni.

Otsala 27 aunikeni madzulo. Mwina 18 ali ndi tithumba tating'ono, asanu ndi atatu tithumba tokulirapo, ndipo limodzi likuonetsa mzere wofiira. Limenelo lichoke. Kusakanizana kotereku kukukuuzani kuti thireyiyo inadzazidwa masiku osiyana, choncho kuyesa dzira limodzi sikukanakuuzani za onse. Lembani chizindikiro ndi pensulo pa asanu ndi atatu aja kuti ayambe kudyedwa. Amenewa ndi abwino kuwiritsa, chifukwa dzira la sabata imodzi kapena awiri limasendeka mosavuta, pamene latsopano kanembanemba kake kamakakamira pa choyera n'kuching'amba posenda. Atsopano aja asungireni zokazinga zofuna chachikasu choima, kapena zofuna kulekanitsa choyera ndi chachikasu.

Onse asungeni nsonga ili pansi, kuti kathumba ka mpweya kakhale m'mwamba ndipo chachikasu chisakafike. Mufiriji, pa madigiri 4 kapena pafupi, aikeni m'kati pa alumali, osati pa chitseko pamene kutentha kumasinthasintha, ndipo akhale m'katoni yotseka chifukwa timabowo tija timalowetsa fungo la anyezi ndi nsomba. Popanda firiji, pezani malo ozizira, amthunzi ndi ouma, kutali ndi moto, ndipo gulani ochepa oti muwamalize m'sabata imodzi. Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala, dzira lililonse, latsopano kapena lakale, lipse mpaka choyera ndi chachikasu zitalimba.